Mjigo uli pati? Ntchito yokopera mawu a pa mapu a kolera a mu 1854

Dzuwa likamapendeka ku Soho, pakati pa mzinda wa London, anthu oweruka kuntchito amaima panja pa bala ina ya mu Broadwick Street, matambula ali m'manja. Balayo imadziwika ndi dzina la John Snow, dokotala amene ali moyo ankalimbikitsa anthu kuleka mowa.

Pambali pa omwawo pali mjigo wakuda wachitsulo.

Ulibe chopopera. Sutulutsa madzi.

Alendo amafika, amaujambula ndi foni, amapita. Ndi ochepa amene amawerama n'kuona mwala wofiirira umene uli m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi phazi lawo. Mwalawo ndi umene ukusonyeza pamene panali mjigo weniweni, uja unamwetsa anthu kolera mu 1854.

Mjigo wakudawo ndi wongofanizira. Anauimika mu 1992, koma osati pano. Unali chapatsogolo, pafupi ndi mphambano ya Poland Street. Mu 2015 anauzula chifukwa cha ntchito yomanga, ndipo mu 2018 anaubweretsanso n'kuuika pafupi ndi mwala uja.

Mjigo wa papepala nawonso unasamukapo.

Snow anatulutsa mapu a mliriwu kawiri, ndipo kadontho ka mjigo wa mu Broad Street, dzina la msewuwu nthawi imeneyo, sikali pamalo amodzimodzi pa mapu awiriwo. Aliyense wofuna kukopera mawu a pa mapuwa n'kunena pamene liwu lililonse linakhala ayenera kuyamba wayankha funso limeneli: ndi mapu ati mwa awiriwo amene ali patebulo pake?

Pepala lenilenilo

Mliri unabuka kumapeto kwa Ogasiti 1854. M'masiku khumi okha anthu oposa 500 anali atamwalira m'timisewu tochepa. Snow anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, ndipo pa 8 Seputembala akuluakulu a deralo anachotsa chopopera cha mjigo wa mu Broad Street.

Mapu anabwera pambuyo. Ambiri amaganiza kuti mapu ndi amene anamuulula mjigo uja, koma Snow anawaonetsa kwa madokotala anzake mu Disembala 1854, chopopera chitachotsedwa kale miyezi itatu. Kenako anawasindikiza m'buku lake la mu 1855 lonena za mmene kolera amafalikira.

Mizere ndi zilembo zake zinajambulidwa ndi dzanja, n'kudindidwa ndi mwala ku kampani ya C. F. Cheffins. Dzina la Cheffins lili m'munsi mwa pepala, kunja kwa chithunzi cha misewu, m'tizilembo tating'ono. Chapomwepo pali mawu a sikelo, onena kuti mainchesi 30 papepala akuimira mailo imodzi pansi.

Oxford Street wadutsa kumtunda. Regent Street watsika kumanzere. Pakati pali timisewu tambirimbiri, kalikonse ndi dzina lake lolembedwa mkati mwa msewumo. M'mbali mwa misewu muli timizere takuda tonenepa, kamzere kamodzi munthu mmodzi. Ndipo uku ndi uku muli madontho akuda, lililonse ndi liwu la zilembo zinayi pambali pake.

PUMP.

Liwu limeneli lili pa mapuwa ka 13.

Tiyerekeze kuti munthu wapatsidwa ntchito yokopera mawu onse a papepalali, iye n'kulemba mndandanda woyera bwino, wopanda cholakwa ngakhale cha chilembo chimodzi. Mumndandandamo mukhala PUMP ka 13, mawu ofanana ndendende. Mjigo umodzi mwa imeneyi ndi umene unapha anthu oposa 600, ndipo mndandandawo sungakuuzeni kuti ndi uti.

Palinso mawu ena awiri amene tanthauzo lawo lonse lagona pa malo amene anakhala. WORK HOUSE ali pa bwalo lalikulu kumpoto kwa Broad Street, kumadzulo kwa Poland Street. Inali nyumba yosungiramo anthu osauka. Munali anthu 535, imfa zinaizungulira mbali zonse, koma amene anagwidwa ndi kolera momwemo n'kumwalira anali asanu okha, chifukwa nyumbayo inali ndi chitsime chakechake komanso madzi a m'mipope. BREWERY ali chakummawa kwa mjigo, mu Broad Street momwemo. Pamenepo ankafulula mowa. Antchito ake oposa 70 ankapatsidwa mowa, panalinso chitsime chakuya, ndipo palibe anamwalira.

Mukachotsa mawu awiriwa pamalo pawo, amangokhala maina a nyumba. Mukawasiya pomwe ali, amafotokoza chifukwa chake pali mipata iwiri yoyera pakati pa timizere takuda.

Malo atatu a liwu limodzi

Odziwa ntchitoyi amasiyanitsa zinthu zitatu zimene wongoyamba kumene amaziphatikiza.

Pali pamene inki ya liwulo yakhala papepala. Pali chinthu chimene liwulo likuloza papepala lomwelo. Ndiyeno pali pamene chinthucho chinali pansi, pa nthaka yeniyeni.

Tengani PUMP wa mu Broad Street. Zilembo zake zili pamalo pamene wojambula anapeza mpata wozilemba. Kadontho kali pambali pake, pamene wojambula ankakhulupirira kuti pali mjigo. Mjigo wachitsulowo unali kutsogolo kwa nyumba nambala 40.

Kodi kusiyanaku n'kwakukulu bwanji? Masamu ake ndi osavuta. Mailo imodzi ili ndi mainchesi 63,360. Mukagawa ndi 30 mupeza 2,112. Ndiye kuti milimita imodzi papepala ndi mamita awiri ndi pang'ono pansi, ndipo sentimita imodzi ndi mamita 21. Wokopera akabaya cholozera chake pa chilembo choyamba cha PUMP m'malo mobaya pa kadontho, n'kuphonya ndi sentimita imodzi yokha, wasamutsa mjigo kuudutsitsa makomo angapo.

M'nkhani imeneyi makomo angapo si chinthu chochepa.

M'busa wachinyamata wa tchalitchi cha St Luke, Henry Whitehead, poyamba sankakhulupirira zonena za Snow. Atafufuza yekha anapeza kuti ku nambala 40 kunali khanda limene linadwala mliri usanafike pachimake, ndipo madzi ochapira matewera ake ankatayidwa m'dzenje la zonyansa kutsogolo kwa nyumbayo. Mu Epulo 1855 amisiri anakumba pamalopo. Anapeza kuti kuchokera padzenjelo kufika pakhoma la chitsime panali mafiti awiri ndi mainchesi asanu ndi atatu, ndiye kuti masentimita 81, ndipo njerwa zake zinali zitafumbutuka.

Pa mapu a Snow, masentimita 81 sakwana ngakhale theka la milimita.

Pa mapu oyamba aja, kadontho ka mjigo kanaikidwa pambali pang'ono pa malo ake enieni. Pa mapu achiwiri, amene Snow anakonzera komiti ya parishi ya St James yofufuza za mliriwu mu 1855, kanasunthidwa kufika pafupi ndi nambala 40. Anawonjezeranso mzere wa timadontho wozungulira dera lonse limene, munthu akamayenda wapansi, mjigo wa mu Broad Street ndiwo unali wapafupi kuposa ina yonse.

N'chifukwa chake wokopera wosamala, akamagwira mapu oyamba, amalemba kadonthoko pamene kali, ngakhale akudziwa kuti si pamalo pake. Zimene akudziwazo amazilemba m'gawo la ndemanga. Akakasuntha mwakachetechete, waphatikiza mapu awiri kukhala amodzi, ndipo wobwera pambuyo sadzadziwanso kuti Snow anakonzapo chinthu.

Kagwiridwe kake

Ntchito imayamba ndi chithunzi chabwino cha pepala lonse, m'mphepete momwe. Ambiri amadula m'mphepete kuti chithunzi chioneke bwino, osadziwa kuti akutaya sikelo ndi dzina la wodinda, zinthu zimene zimathandiza kuzindikira kuti ndi mapu ati. Pamwamba pa tebulo lokoperamo pamalembedwa dzina la chithunzicho, kumene chachokera, ndi kukula kwake m'mapikiselo, timadontho tija timapanga chithunzi cha pakompyuta.

Kenako pepalalo limagawidwa m'timabokosi, ndipo wokopera amayenda kabokosi ndi kabokosi kuyambira pangodya ya kumtunda chakumanzere. Satsata misewu. Diso likamatsata msewu limathamangira maina akuluakulu n'kulumpha timakwalala ndi timabwalo tating'ono, pamene pa mapu a Soho timeneti n'tochuluka zedi.

Liwu lililonse limapatsidwa nambala yake ndi mzere wake m'tebulo. PUMP amatenga mizere 13.

Mawu amalembedwa momwe alili. Ngati ali m'zilembo zazikulu, akhale m'zazikulu. Ngati wojambula anafupikitsa Street n'kulemba ST, wokopera alembe ST. Ngati chilembo chafufutika pamene pepala linapindidwa, amaonetsa kuti pali chosaoneka, ndipo zimene akuganiza kuti zinalipo amaziika m'gawo lina.

Dzina la masiku ano nalonso limapita m'gawo lina. Broad Street anasanduka Broadwick Street mu 1936. Cambridge Street, msewu umene unali pangodya ya mjigo, lero ndi mbali ya Lexington Street. M'dera lomwelo munali misewu iwiri yotchedwa King Street: wina ndi Kingly Street wa lero, pafupi ndi Regent Street, ndipo winayo anamezedwa ndi Shaftesbury Avenue pamene ankalambula msewu waukuluwo m'zaka za m'ma 1880. Wosalemba malo sangadziwe kuti akunena King Street uti.

Amene anagwirapo mapu a nthawi ya atsamunda kwathu kuno akuidziwa nkhani imeneyi. Papepala pali Port Herald, Fort Johnston, Cholo, Mlanje, Kota Kota. Dzanja limayabwa kuti lilembe Nsanje, Mangochi, Thyolo, Mulanje, Nkhotakota. Lilembe ndithu, koma m'gawo lake, chifukwa kalembedwe kakale kaja ndi kamene kamatiuza nthawi imene mapuwo anajambulidwa ndi amene anawajambula.

Tsopano malo.

Njira yofala ndi kuzunguliza liwu ndi kabokosi n'kulemba manambala anayi: mtunda kuchokera kumanzere kwa chithunzi, mtunda kuchokera kumtunda, m'lifupi mwa kabokosi, ndi msinkhu wake. Malaibulale ambiri amene amaika mapu awo pa intaneti amagwiritsa ntchito kalembedwe kameneka, kotchedwa `xywh`. Mizere iwiri ya tebulo ingaoneke chonchi, ngakhale manambalawa ndi ongopereka chitsanzo, chifukwa enieni amadalira chithunzi chimene munthu akugwiritsa ntchito:

```
nambala,mawu,xywh,akuloza
041,PUMP,"2210,1985,120,38",kadontho ka mu Broad Street
042,WORK HOUSE,"1890,1560,210,95",bwalo la kumadzulo kwa Poland Street
```

Gawo lomalizalo, la `akuloza`, ndi limene anthu amaliiwala. Manambala akunena pamene pali inki. Gawo limeneli likunena chimene inkiyo ikutchula. Kadontho ka mjigo kamafunikanso manambala akeake, osiyana ndi a liwu.

Pali misampha iwiri ya manambala imene imakola ambiri. Woyamba: munthu akachepetsa chithunzi kapena kuchidula atayamba kale ntchito, manambala onse amasokonekera. Mumadziwira poti timabokosi tonse taphonya mawu mofanana, tonse tasunthira mbali imodzi kapena tonse taunjikana kungodya. Wachiwiri: pa chithunzi, nambala yachiwiri imakula mukamatsika, pomwe m'mapulogalamu a mapu imakula mukamakwera. Mukasamutsa tebulo osatembenuza nambalayo, Oxford Street amakapezeka pansi, Piccadilly pamwamba.

Maina a misewu ndiwo amavutitsa kwambiri. Misewu ya pa mapu a Snow siyenda molunjika ndi m'mphepete mwa pepala, ndipo wojambula anamwaza zilembo kuti dzina lidzaze msewu. Mukazunguliza dzina lopendekeka ndi kabokosi kowongoka, mkati mwa kabokosimo mulowanso nyumba, timizere ta imfa ndi zidutswa za maina ena. Apa kabokosi sikathandiza. Chothandiza ndi kulemba pamene dzina layambira ndi pamene lathera, n'kunenanso mbali imene likuwerengekera. Dzina likadukizidwa ndi mphambano, zidutswa zakezo zimakhala pa nambala imodzi. Kupanda kutero tebulo limadzaza ndi STREET amasiye osadziwika mwini wake.

Chilembo choyamba

Funso lakuti cholozera chibayidwe pati pa liwu linayankhidwapo ndi ntchito ina yaikulu ya ku Britain yotchedwa GB1900. Kuyambira Seputembala 2016 mpaka Januwale 2018, anthu ongodzipereka oposa 1,000 anakopera mawu onse a pa mapu aboma a mainchesi asanu ndi imodzi pa mailo, osindikizidwa pakati pa 1888 ndi 1914. Anapeza mawu pafupifupi 2.5 miliyoni.

Lamulo lawo linali limodzi. Cholozera chibayidwe m'munsi mwa chilembo choyamba cha liwu loyamba, chakumanzere. Liwu silinkavomerezedwa mpaka munthu wina ataliwerenganso n'kulemba zofanana.

Lamuloli ndi lanzeru chifukwa anthu awiri sangakangane za pamene pali chilembo choyamba, pomwe angakangane tsiku lonse za pamene pali pakati pa phiri. Koma lili ndi mtengo wake. Pa sikelo imeneyo sentimita imodzi ndi mamita oposa 100. Dzina la dera likamwazidwa pa masentimita khumi, chilembo choyamba ndi chomaliza zatalikirana kupitirira kilomita imodzi. Wogwiritsa ntchito zotsatira za GB1900 ayenera kukumbukira kuti ali ndi malo a zilembo, osati malo a zinthu.

Ndipo mawu amene anapezeka kwambiri sanali maina a midzi. Anali F.P., chidule cha njira ya apansi, amene anapezeka koposa ka 300,000. Ena ochuluka anali W wa chitsime ndi P wa mjigo. Paokha, tizilembo timeneti sitinena kanthu. Pokhala ndi malo ake, akatswiri anatha kujambula nato njira za apansi za dziko lonse mmene zinalili zaka zoposa 100 zapitazo.

Zimene zilibe mawu

Mapu a Snow safotokoza okha tanthauzo la timizere takuda. Malongosoledwe ake ali m'masamba a buku. Mmenemo ndi mmene Snow akunena kuti kamzere kalikonse kaikidwa pa nyumba imene munthu anagwidwira matenda, ndi kuti mzere wa timadontho wa pa mapu oyamba, wozungulira deralo, ndi malire a kumene anawerengera imfa.

Wokopera amene ali ndi pepala la mapu lokha sangazidziwe zimenezi. Aona mijigo ingapo kumpoto kwa Oxford Street yopanda kamzere n'kamodzi komwe pafupi, n'kuganiza kuti kumeneko kunalibe kolera. Chenicheni n'chakuti mijigoyo ili kunja kwa malire, kumene Snow sanalembe imfa pa mapuwa. Choncho mzere wopanda dzinawo uyenera kukhala ndi malo ake m'tebulo, pamodzi ndi ndemanga yonena kumene tanthauzo lake lapezeka.

M'buku lomwelo muli imfa 616, kuyambira pa 19 Ogasiti mpaka pa 30 Seputembala. Pa mapu pali timizere 578. Kusiyanaku si vuto la wowerenga. Odwala ena anathamangitsidwa nawo kuchipatala kapena ku nyumba ya osauka ija n'kufera komweko, ndipo nambala za nyumba zawo sizinalembedwe. Snow analibe poika timizere tawo.

Mu 1992 Rusty Dodson, wa ku likulu la kafukufuku wa mapu ku Santa Barbara m'dziko la America, anakopera malo a timizere tonse 578 ndi mijigo 13 kuwalowetsa m'kompyuta. Tebulo lakelo lagwiritsidwa ntchito m'masukulu a ukachenjede ambiri. Koma lili ndi msampha wofanana ndi wa PUMP uja.

Nyumba imodzi ikakhala ndi maliro angapo, wojambula ankasanjikiza timizere ngati njerwa, koyamba m'mphepete mwa msewu, totsatira kumalowera mkati. Kutalika kwa mulu kukunena chiwerengero, osati malo. Kamzere ka pamwamba pa mulu wautali kali kutali ndi msewu, mwina pamwamba pa bwalo la eni ena, koma mwini wake anadwalira pakhomo lomwelo limene anadwalira wa kamzere koyamba. Wotenga malo a kamzere kalikonse ngati malo a imfa amamwaza maliro a nyumba imodzi m'mabwalo angapo. Peter Li, amene anaunikanso tebuloli pokonza pulogalamu yake yotchedwa `cholera`, anabweza timizere tonse patsinde pa milu yake n'kutsala ndi malo 321. Anapezanso timizere titatu timene tinalembedwa pamalo olakwika, ndipo chinaulula ndi chakuti manambala ake anali ofanana ndendende ndi a timizere tina.

Pali phunziro lina lowawirapo. Mu 1958 katswiri wa jogalafe, E. W. Gilbert, anajambulanso mapu a Snow kuti akhale osavuta kuwerenga. Timizere anatisandutsa madontho, mijigo anaiika ngati timitanda, misewu yambiri anaisiya yopanda maina. Mapu akewo anakoperedwa m'mabuku ambiri ngati kuti ndi a Snow mwiniwake. Edward Tufte, m'buku lake lotchuka la mu 1983 lonena za zithunzi za ziwerengero, anagwiritsa ntchito mapu amenewa ndipo anatchula mijigo 11.

Iwiri inatayika panjira.

Ndikuona kuti Gilbert sanalakwe pojambulanso. Cholakwika chinali chakuti owerenga sankadziwa kuti akuona ntchito ya munthu wachiwiri. Mukakumana ndi mapu otchedwa a Snow, werengani mijigo, kenako yang'anani ngati imfa zili timizere kapena madontho. Mudziwa pomwepo chimene mwagwira.

Mapu a pakhoma la chipatala

Kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 anafalikira dziko lonse la Malawi, n'kudwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. M'midzi yambiri, mapu okhawo osonyeza mjigo uliwonse, chitsime chilichonse ndi njira yopita kumtsinje ndi aja amajambula alangizi a zaumoyo ndi makomiti a m'mudzi, pa pepala lalikulu ndi cholembera chonenepa, n'kuwamata pakhoma.

Mapu oterewa akafuna kulowa m'kompyuta, zambiri zimene tanenazi zimagwira ntchito. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu.

Alibe sikelo.

Mapu a Snow angayalidwe pamwamba pa mapu a London wa lero, pogwiritsa ntchito malo amene sanasinthe monga ngodya za Golden Square, ndipo amagwirizana bwino ndithu chifukwa anachokera pa miyeso. Mapu a mlangizi anachokera m'mutu mwa munthu woyenda wapansi kapena panjinga. Pafupi ndi chipatala, pamene amadziwa khomo lililonse, pepala limatambasuka. Midzi ya kutali imapanikizana m'mphepete chifukwa malo anamuthera. Kumtunda kwa pepala sikukhala kumpoto nthawi zonse. Nthawi zambiri kumakhala kumene kuli phiri, kapena kumene wojambula anayang'ana atakhala pansi.

Choncho manambala a kabokosi amangothandiza kupezanso liwu papepala. Sanganene mtunda. Chimene chimanyamula choonadi pa mapu otere ndi ubale wa zinthu, ndipo wokopera amaulemba m'mawu: B/H wachitatu, kumanja kwa msewu wochokera kuchipatala, musanawoloke mtsinje, moyang'anizana ndi sukulu. Mawu akuti kumtunda, kumunsi, kumanja ndi kumanzere akhale a papepala. Akuti kumpoto ndi kummwera alembedwe pokhapokha ngati wojambula anaika muvi wake.

Snow anaidziwa nkhani ya ubaleyi. Analemba kuti mjigo wa mu Rupert Street umaoneka wapafupi ndi misewu ina pa mapu, koma njira yokafikako inali yokhotakhota. Analembanso kuti madzi a mjigo wa kumapeto kwa Carnaby Street anali oipa moti anthu ankaulambalala n'kukatunga ku Broad Street. Kwathu kuno, mjigo umene uli kutsidya kwa dambo ndi wapafupi m'chilimwe ndipo ndi wakutali m'dzinja. Ngati wojambula anaika dambolo pakati pa mudzi ndi mjigo, tebulo linene zimenezo.

Mapu a pakhoma amalembedwanso ndi manja angapo. Wina anajambula ndi inki yakuda. Patapita chaka wina anadzakhwatcha B/H mmodzi ndi yofiira n'kulemba pambali kuti wawonongeka. Wina anawonjezera mudzi watsopano ndi pensulo mfumu itagawa anthu ake. Wokopera amalemba zonse, zokhwatchidwa zomwe, n'kunena mtundu wa inki ndi kuti liwu liti lili pamwamba pa linzake. Mjigo wokhwatchidwawo mwina ndiwo ukufotokoza chifukwa chake mabanja ena anabwerera kumtsinje.

Dzina likakhala pakati pa midzi iwiri, popanda muvi wosonyeza mwini wake, wokopera sasankha. Amalemba kuti lili pakati, n'kutchula midzi yonse iwiri. Ubwino wa mapu a pakhoma ndi wakuti wojambula wake nthawi zambiri alipo, ndipo angafunsidwe. Yankho lake limalowa m'gawo la ndemanga pamodzi ndi tsiku limene wafunsidwa.

Ntchito ikatha pamakhala mayeso amene safuna kompyuta. Tebulo limaperekedwa kwa munthu amene sanaonepo mapuwo, pamodzi ndi pepala lokhala ndi misewu ndi mitsinje yokha, lopanda mawu. Iye aike liwu lililonse pamene tebulo likumuuza. Akamaliza, mapepala awiriwo amayalidwa pamodzi. Paliponse pamene waika liwu kutsidya lolakwika la mtsinje, kapena pamene waima n'kufunsa kuti B/H ameneyu ndi uti, mzere umenewo wa tebulo umalembedwanso.